Kalata ya namwino yofunsira ntchito ku UK: momwe mungalembere za laisensi ndi kaundula

Munthu amene amasankha anamwino pachipatala cha NHS, bungwe la zipatala za boma ku UK, akatsegula kalata yochokera ku Lilongwe, Zomba kapena Mzuzu, funso loyamba m'mutu mwake ndi lakuti munthuyu angayambe liti kugwira ntchito ngati namwino m'wodi mwathu. Za mtima wabwino ndi kukonda odwala amazisiyira patsogolo. Yankho la funsoli lili m'ndime imodzi yokha ya kalatayo, ndime yonena za laisensi ya kwanu ndi pamene mwafika polembetsa m'kaundula wa kwawoko. Makalata ambiri a anamwino odziwa bwino ntchito amagwera pa ndime imeneyi, chifukwa amailemba mwachisawawa, kapena amalembamo zimene sizinachitike.

Kalata yeniyeniyo mudzailemba m'Chingelezi. Pano tikambirana zimene ziyenera kukhalamo ndi chifukwa chake, ndipo ziganizo zachitsanzo taziika m'Chichewa kuti ganizo lake limveke.

Makaundula awiri, ndipo wina salowa m'malo mwa mnzake

Ku Malawi namwino amalembetsedwa ndi khonsolo ya anamwino ndi azamba, imene likulu lake lili ku Lilongwe, ndipo laisensi yake amaikonzanso chaka ndi chaka. Ku UK bungwe losunga kaundula ndi NMC. Laisensi ya ku Malawi, ngakhale ikhale ya zaka 20 yopanda banga, siikulolani kupereka ngakhale mbulu umodzi wa panado ngati namwino m'chipatala cha ku Leeds. Ntchito yake ndi yotsegula khomo basi: imasonyeza a NMC kuti munaphunzira unamwino, munavomerezedwa kwanu, ndipo palibe mlandu umene ukukutsatani.

Munthu amakhala namwino wa m'kaundula wa ku UK tsiku limene NMC yamupatsa nambala yotchedwa PIN. Tsikulo lisanafike, kudzitcha namwino wolembetsedwa ndi NMC ndi bodza, ndipo lamulo la kumeneko la 2001 lokhudza anamwino ndi azamba limati kunamizira dala kuti uli m'kaundula ndi mlandu. Ambiri salakwa mwadala. Akatsegula akaunti pa intaneti ya NMC nalipira ndalama zoyamba, amalandira nambala yowazindikiritsa ngati ofunsira, ndiye amailemba m'kalata ngati PIN. Koma kaundula wa NMC ndi wotseguka kwa aliyense. Wolemba ntchito amalowetsa dzina lanu, ndipo pasanathe mphindi imodzi waona kuti mulibemo. Kuyambira pamenepo chilichonse chimene mwalemba m'kalatamo amachiwerenga ndi diso lokayika.

Njira ya ku NMC imene kalata iyenera kutsatira

Kuti ndimeyi ilembeke bwino, pafunika kudziwa masitepe ake mmene amatsatirana, chifukwa wowerengayo amawadziwa pamtima.

Poyamba mumapereka pempho loti NMC ione ngati maphunziro anu akukuyenerezani. Mumatumiza pasipoti, satifiketi ya maphunziro ndi umboni wa kulembetsa kwanu, ndipo NMC imafunsa yokha kwa khonsolo ya kwanu kuti itsimikize. Akavomera, amakulolani kulemba mayeso. Gawo loyamba la mayesowo ndi CBT, lolembedwa pakompyuta m'malo oyendetsedwa ndi Pearson VUE, ndipo mungalilembe musanapite ku UK. Lili pawiri: mafunso 15 a masamu a mankhwala m'mphindi 30, kenako mafunso 100 a ntchito ya unamwino m'maola awiri ndi theka. Gawo lachiwiri ndi OSCE, mayeso a manja okhala ndi zigawo 10, ndipo amenewa amachitikira ku UK kokha, m'malo ovomerezedwa ndi NMC, amene mu 2024 anali Northampton, Oxford Brookes, Ulster, Leeds ndi Northumbria. Pomaliza pamabwera pempho lolowa m'kaundula, limene limafuna umboni wa thanzi, wa khalidwe, kuphatikizapo kalata ya apolisi, ndi wa Chingelezi.

Pa mitengo ya chaka cha 2024, pempho loyamba linali mapaundi 140, CBT 83, OSCE 794, ndipo kulowa m'kaundula 153, zonse pamodzi mapaundi 1,170. Mitengo imasintha, choncho muione pa tsamba la NMC lenileni tsiku limene mukulipira. Zipatala zambiri za NHS zimalipirira OSCE yoyamba ndi kubweza zina mwa ndalamazi, koma nkhani ya ndalama si ya m'kalata. Imeneyo mudzafunsa akakupatsani ntchito.

Popeza OSCE ili tsidya lija, pafupifupi namwino aliyense wofunsira ali ku Malawi amakhala alibe PIN, ndipo zipatala zimene zimalemba anthu akunja zimadziwa zimenezo. Palibe chochititsa manyazi. Zimene akufuna kudziwa ndi zakuti mwatsala ndi OSCE yokha, kapena mukadali kumayambiriro.

Masiku ndiwo amalankhula

Apa ndi pamene tikhalitse, chifukwa mpamene pagona nkhani. Mapepala onse a paulendowu ali ndi tsiku lothera, ndipo wolemba ntchito akamawerenga kalata yanu amakhala akuwerengera miyezi pa zala.

Mayeso a Chingelezi amene NMC imalandira ndi awiri. Pa IELTS Academic pamafunika 7 pa zonse pamodzi, 7 pa kuwerenga, kumvetsera ndi kulankhula, ndi 6.5 pa kulemba. Pa OET pamafunika B pa kuwerenga, kumvetsera ndi kulankhula, ndi C+ pa kulemba. Zotsatirazo zimagwira ntchito zaka ziwiri. Kunena kuti "ndinaphunzira m'Chingelezi kuyambira sitandade 5" sikulowa m'malo mwa mayesowa, chifukwa Malawi sali pa mndandanda wa NMC wa maiko amene anthu ambiri amalankhula Chingelezi. Palinso IELTS ya mtundu wina, ya General Training, imene NMC siilandira, ndipo anthu ataya ndalama zambiri polemba imeneyo. N'chifukwa chake m'kalata mutchule mtundu wa mayeso, mwezi ndi chaka, ndi zimene munapeza pa gawo lililonse.

CBT nayo ili ndi malire: OSCE muyenera kuikhoza pasanathe zaka ziwiri kuchokera pamene munakhoza CBT. Ndiye pali malamulo a viza. Namwino wobwera asanalandire PIN ayenera kuyesa OSCE koyamba mkati mwa masabata 12 kuchokera tsiku loyamba ntchito, ndipo akhale atalowa m'kaundula mkati mwa miyezi 8. Akalephera, chipatala sichingapitirize kumuimirira pa vizayo. OSCE mungaiyese katatu, pakati pake pakhale masiku osachepera 10, ndipo pobwereza mumachita zigawo zokhazo zimene munalephera. Mukalephera kachitatu pempho limatsekedwa, mudikire miyezi 6.

Tiyerekeze namwino wina amene tingomutcha mayi wa m'wodi ya amuna. Anakhoza OET mu Malichi 2025 ndi CBT mu Ogasiti 2025, ndipo akulemba kalata mu Januwale 2026. Wowerenga awerengera motere. Kusankha ndi intavyu zitenga Febuluwale. Kufufuza mbiri, kupereka chikalata chomuimirira pa viza chotchedwa CoS, mayeso a TB amene Amalawi amafunsidwa, vizayo ndi miyezi ya notisi kuntchito kwake, zonsezo zimufikitsa mwina mu Juni. OSCE yoyamba ikhale isanathe Seputembala. Akalephera chigawo chimodzi nabwereza mu Okutobala, OET yake ikadali ndi miyezi isanu, CBT ikadali ndi pafupifupi chaka. Munthu ameneyu ndi wotheka kumulemba.

Tsopano sinthani chinthu chimodzi chokha: OET anaikhoza mu Meyi 2024. Ithera mu Meyi 2026, iye asanakwere ndege. Ngati kalata yake ingonena kuti "ndinakhoza OET" osatchula tsiku, vutoli lidzaonekera pakati pa njira, chipatala chitayamba kale kumukonzera mapepala, ndipo ntchitoyo ikhoza kubwezedwa. Ngati alemba poyera kuti OET yake ithera mu Meyi ndipo walipira kale kuti alembenso pa tsiku lakuti mu Malichi, wowerenga aona munthu wodziwa zimene akuchita, ndipo angamuike m'gulu la anthu obwera pambuyo pake.

Ndime yabwino ya mayi woyamba uja imveka chonchi:

"Ndine namwino wa digiri wolembetsedwa ndi khonsolo ya anamwino ndi azamba ya ku Malawi kuyambira 2018, ndipo laisensi yanga ya chaka chino ndi yamoyo, yopanda chiletso chilichonse. Sindinalowe m'kaundula wa NMC. NMC inavomereza maphunziro anga mu Julayi 2025 pa gawo la unamwino wa akuluakulu. Ndinakhoza OET mu Malichi 2025, ndi B pa kuwerenga, kumvetsera ndi kulankhula, ndi C+ pa kulemba. Ndinakhoza magawo onse awiri a CBT mu Ogasiti 2025. Chatsala ndi OSCE, imene ndikukonzekera kale, ndipo ndifunika chipatala chondiimirira pa viza. Kuntchito kwanga ndiyenera kupereka notisi ya miyezi itatu."

Ziganizo zisanu ndi ziwiri, ndipo chilichonse chingatsimikizidwe ndi pepala. Onani kuti mawu akuti "sindinalowe m'kaundula wa NMC" anenedwa msanga ndi mosabisa. Onaninso kuti watchula magawo onse awiri a CBT. Munthu amatha kukhoza gawo la mafunso 100 nalephera la masamu, ndipo kulemba kuti "ndinalemba CBT" kumasiya funso lopanda yankho. Kutchula malo amene munalembera CBT sikulakwanso, makamaka kuchokera mu 2023 pamene NMC inakana zotsatira zochokera kumalo ena olembera ku Ibadan, ku Nigeria, itapeza zokayikitsa. Kuyambira pamenepo olemba ntchito amayang'anitsitsa mapepala a CBT.

Yerekezani ndi ndime imene imapezeka m'makalata ochuluka: "Panopa ndili mkati mokonza za NMC ndipo ndimaliza posachedwa." Mawu amenewa angalembedwe ndi munthu amene watsala ndi OSCE yokha, angalembedwenso ndi munthu amene sanatsegule n'komwe akaunti. Wowerenga amene ali ndi makalata mazana pa tebulo sakuimbirani foni kuti afunse, amangoganiza kuti ndinu wachiwiriyo.

Dzina la udindo wanu lilembeni monga lilili pa laisensi

Kwathu kuno anthu onse ovala yunifomu yoyera timawatcha anesi, koma khonsolo imasiyanitsa. Pali anamwino a m'kaundula wapamwamba, ambiri mwa iwo a digiri, ndipo pali a NMT, amene amaphunzira zaka zitatu m'makoleji ngati a CHAM. NMC imayang'ana mlingo wa maphunzirowo ndi mlingo umene khonsolo ya kwanu inakulembetsani, ndipo yankho lake ndi limene limanena ngati mungapitirire. Choncho wa NMT asadzikweze m'kalata podzitcha dzina la kaundula wapamwamba, ngakhale akhale kuti m'wodi amagwira ntchito yofanana ndendende ndi mnzake wa digiri, zimene tonse tikudziwa kuti zimachitika usiku uliwonse. Khonsolo ikamayankha NMC idzalemba dzina lenileni. Nzeru yake ndi kupereka kaye pempho loyamba lija, kulandira yankho la NMC, kenako n'kuyamba kulemba makalata. Amene anayamba ndi NMT kenako n'kukweza maphunziro atchule zonse ziwiri ndi zaka zake, ndipo anene chaka chimene analembetsedwa pa mlingo watsopanowo.

China chimene chimasokoneza ndi chakuti ku Malawi ambiri ndi anamwino ndi azamba nthawi imodzi. Ku UK zimenezi ndi mbali ziwiri zosiyana za kaundula, ndipo uzamba uli ndi pempho lake ndi mayeso ake. Unamwino nawo unagawidwa panayi: wa akuluakulu, wa ana, wa matenda a maganizo, ndi wa anthu ovutika kuphunzira. Kalata inene gawo limene mukulembetsa, ndipo ligwirizane ndi ntchito imene mukufunsira. Munthu amene analemba CBT ya unamwino wa akuluakulu koma kalata yake yadzaza ndi nkhani za kubereketsa amayi, wowerenga amadabwa kuti kodi akufuna ntchito iti. Uzamba wanu utchuleni m'chiganizo chimodzi monga mbali ya mbiri yanu, ndipo munene kuti simukufunsira ngati mzamba.

Mayina a masukulu nawo amavuta. Amene anamaliza ku Kamuzu College of Nursing chisanafike chaka cha 2021 ali ndi satifiketi ya Yunivesite ya Malawi, pomwe sukuluyo lero ili m'kati mwa KUHeS. Munthu wa ku Manchester sadziwa zimenezo, ndipo akaona mayina awiri osiyana pa mapepala anu aganiza kuti china chake chalakwika. Chiganizo chimodzi chofotokoza kusinthako chikwanira. Chimodzimodzi ngati satifiketi ili ndi dzina la kwa bambo anu pomwe pasipoti ili ndi la kubanja: nenani, ndipo mukhale ndi chikalata cha ukwati. Amene anagwirapo ntchito ku Joni, ku Botswana kapena ku Zambia atchule kaundula wa kumeneko, ngakhale laisensiyo inatha, chifukwa mafomu a NMC amafunsa za kumene munalembetsedwapo, ndipo kalata isatsutsane ndi fomu.

Ngati khonsolo inakuitanani pa dandaulo lililonse, kapena laisensi yanu inadumphapo chaka chifukwa simunalipire, musalembe kuti mbiri yanu ndi yopanda banga. Dandaulo limene linatha bwino lingafotokozedwe, ndipo fomu yofunsira ntchito ili ndi malo ake onenera zotere. Kubisa ndi kumene NMC siikhululuka, chifukwa kuona mtima ndi chimodzi mwa zimene imayesa pa khalidwe la munthu.

Mndandanda wofiira, ndi chifukwa chake kalatayo iyenera kukhala yanuyanu

Bungwe la WHO lili ndi mndandanda wa maiko amene ali ndi ogwira ntchito zachipatala ochepa kwambiri. Wa 2023 uli ndi maiko 55, ndipo Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi Mozambique ali momwemo. Boma la UK limagwiritsa ntchito mndandandawu m'malamulo ake olembera anthu akunja, ndipo maikowa amawaika pa mndandanda wofiira. Tanthauzo lake ndi lakuti zipatala ndi maejenti saloledwa kupita kukakopa anamwino m'maiko amenewa. Koma namwino amene wafunsira yekha, mwachindunji kwa wolemba ntchito, popanda ejenti pakati, chipatala chikhoza kumulandira.

Chifukwa cha lamuloli chimamveka kwa aliyense amene anagwirapo usiku m'wodi ya odwala ambirimbiri ali anamwino awiri. Namwino aliyense wochoka amasiya mpata umene sutsekeka msanga. Komabe lamulolo silitseka njira ya munthu amene wasankha yekha kupita, ndipo kalata yanu ndi umboni woti mwasankha nokha. Ndi bwino kunena m'ndime yoyamba kuti mukufunsira panokha, ntchito yake ndi iyi, nambala yake ndi iyi, ndipo munaiona pa NHS Jobs kapena pa tsamba la chipatalacho. Chiganizo chimenechi chimamasula manja a wolemba ntchito, amene naye ayenera kusonyeza kuti sanaphwanye lamulo.

Choncho munthu akakuuzani kuti ali ndi "malo" m'chipatala cha ku UK, mumupatse makwacha mamiliyoni angapo akukonzereni kalata ndi CoS, dziwani kuti pali vuto. Lamulo la ku UK silola ejenti kulipiritsa munthu chifukwa chomupezera ntchito, ndipo chipatala chotsatira malamulo sichingalandire namwino wokhala ku Malawi kudzera mwa ejenti. Makalata ogula amadziwikanso msanga: chipatala chimodzi chimalandira makalata angapo ofanana liwu ndi liwu, kusiyana mayina okha, ndipo onsewo amaikidwa pambali.

Gawo la luso lanu

Ntchito zambiri za NHS sizifuna kalata yapadera yomata. Pa fomu ya pa intaneti pamakhala bokosi lotchedwa Supporting information, ndipo zimene zikanakhala m'kalata zimalowa mmenemo. Pamodzi ndi chilengezo cha ntchito pamakhala chikalata cha Person specification, chimene chimandandalika zofunika kwa munthu amene akumufuna, ndipo osankha amapereka malikisi potsatira mndandandawo mzere ndi mzere. Chiwerengeni musanalembe liwu lililonse. Ngati chanena kuti pakufunika munthu amene ali kale ndi PIN, ndipo chilengezo sichikunenapo za olembetsa ochokera kunja, fomu yanu idzagwa pa sefa yoyamba ngakhale kalata ikome bwanji. Funani zilengezo zimene zanena poyera kuti zikulandira anamwino akunja amene akhoza CBT ndi mayeso a Chingelezi.

Namwino wa PIN yatsopano amayambira pa mlingo wa malipiro wa Band 5. Asanalandire PIN amagwira ngati wothandizira, nthawi zambiri pa Band 3 kapena 4, moyang'aniridwa. Kwa munthu amene wakhala akuyendetsa wodi yonse zaka zisanu, zimenezi n'zowawa, ndipo olemba ntchito amadziwa kuti ena amafika n'kukhumudwa. Chiganizo chosonyeza kuti mukudziwa za miyezi imeneyi ndipo mwaivomereza chimawakhazika mtima pansi.

Pofotokoza ntchito yanu, wowerenga sanafikepo m'chipatala cha ku Malawi, choncho muuzeni kukula kwake. M'malo molemba kuti "ndili ndi luso lochuluka losamalira odwala", mayi uja alembe kuti amagwira m'wodi ya amuna ya matenda a m'kati yokhala ndi mabedi 40, m'chipatala chachikulu cha boma cholandira odwala otumizidwa kuchokera m'maboma, kuti odwala ake ambiri ndi a chibayo, shuga, sitiroko, TB ndi matenda a mtima, ndi kuti usiku ndiye amatsogolera anzake. Manambalawo akhale anu enieni, chifukwa pa intavyu adzakufunsani.

Kenako nkhani imodzi yaifupi, yoonetsa mmene mumaganizira. Mwachitsanzo: pa 2 koloko usiku munaona kuti bambo wina wa chibayo akupuma maulendo 30 pa mphindi, magazi akuthamanga motsika, ndipo wayamba kusokonezeka maganizo. Munamudzutsa kuti akhale tsonga, munamuika pa okosijeni, munaitana dokotala n'kumuuza mwadongosolo zimene mwapeza, munayamba dilipi ndi mankhwala mmene analembera, n'kumamuyeza mphindi 15 zilizonse mpaka atakhazikika. Nkhani yotere imagwirizana ndi zimene OSCE imayesa, pakuti zigawo zinayi mwa 10 zija zimatsatira wodwala mmodzi kuyambira pomuyeza, kukonza chisamaliro, kuchipereka, mpaka kuunika zotsatira. Dzina la wodwala, mudzi wake kapena chilichonse chomuzindikiritsa chisalowemo. Ku UK amagwiritsa ntchito tchati ya NEWS2 poona wodwala amene akufooka ndi njira ya SBAR popereka lipoti. Ngati mwaziwerenga pokonzekera OSCE, nenani kuti mwaziwerenga. Musanene kuti mumazigwiritsa ntchito ngati m'wodi mwanu mulibe.

Chenjeraninso ndi luso limene kwathu ndi lotamandika koma kumeneko lili ndi malire. Namwino wa pa chipatala chaching'ono cha kumudzi amalemba mankhwala, amayambitsa odwala ma ARV, amasoka mabala, chifukwa palibe wina woti achite. Ku UK kulemba mankhwala kumafuna maphunziro apadera ndi chizindikiro chake m'kaundula. Zitchuleni monga ntchito imene munaphunzitsidwa ndi kuloledwa ndi malamulo a ku Malawi, ndipo muonjezere kuti mukudziwa kuti kumeneko mudzatsatira malire a kumeneko. Mukapanda kutero, wowerenga angaone munthu amene adzachite zinthu mopitirira udindo wake.

Mipata m'mbiri ya ntchito ifotokozeni mwachidule. Ambiri anakhala chaka kapena ziwiri atamaliza sukulu akudikira kulembedwa ndi boma, akugwira lokamu apa ndi apo. Nenani miyezi yake ndi kumene munagwira. NHS imafuna maumboni a mabwana okwanira zaka zitatu zapitazi, choncho uzani a metironi kapena a sisitala oyang'anira wodi musanalembe mayina awo, ndipo ngati chipatala chilibe imelo yakeyake, apempheni kuti umboniwo udzakhale pa pepala la chipatala lodinda. Ngati boma kapena bungwe linakulipirirani sukulu ndipo munasainira kugwira zaka zakutizakuti, tsiku loyambira limene mulembe m'kalata liwerengere zimenezo.

Zoyenera kuzisiya kunja

Kalata ya kwathu imayamba ndi ulemu wochuluka: kudzichepetsa, kupempha chifundo, kunena kuti ndine mayi wa ana atatu woopa Mulungu. Ulemu umenewu pakati pathu ndi wabwino, koma kumeneko malamulo oletsa tsankho amachititsa kuti osankha asafune kudziwa zaka zanu, chipembedzo, banja kapena nkhope yanu, ndipo mafomu ambiri amabisa ngakhale dzina pa nthawi yosankha. Chithunzi, tsiku lobadwa ndi nambala ya pasipoti zisalowe m'kalata. Kudandaula za malipiro ochepa kapena kusowa kwa magolovesi kwanu kusalowenso, ngakhale zili zoona. Chifukwa chofunsira chikhale chokhudza wodiyo: mtundu wa odwala ake, ndi chimene mukufuna kuphunzirako.

Kalata yomata ikwane tsamba limodzi, ndime zinayi kapena zisanu, ndipo ndime ya kaundula ikhale yachiwiri, isabisike kumapeto. Musanatumize, yalani patebulo laisensi, zotsatira za OET kapena IELTS, imelo ya NMC, lipoti la CBT ndi sivii yanu, n'kuyerekeza tsiku lililonse ndi dzina lililonse ndi zimene zili m'kalatamo. Ngati mukutumiza ku zipatala zingapo, onani dzina la chipatala ndi nambala ya ntchito pa kalata iliyonse payokha, ndipo nthawi iliyonse imene mwakwera sitepe ina ku NMC, kapena laisensi ya chaka chatsopano yatuluka, sinthani ndime yachiwiriyo tsiku lomwelo.